Mizere yopendekeka pa shafiti yamasitepe

Mtsikana wina wa chaka choyamba pa koleji ya ntchito zamanja anapatsidwa pepala lojambulapo shafiti, chitsulo chobulungira chonga chimene chimazunguza pule ya chigayo. Shafitiyo inali yamasitepe, kutanthauza kuti sinali yonenepa mofanana ponseponse: kumanzere inali mamilimita 20, pakati 30, kumanja 40. Pambali panali chithunzi china cholembedwa A-A, ndipo pamenepo m'pamene mutu unamuima.

Chithunzicho chinali ndi mabwalo awiri, laling'ono m'kati mwa lalikulu. Laling'onolo linali lodzaza mizere yopyapyala yopendekeka, ndipo pamwamba pake panali pobenthuka. Pakati pa mabwalo awiriwo panali poyera.

"Aphunzitsi, ndiye kuti shafitiyi ili m'paipi?" anafunsa.

Aphunzitsiwo anamuuza kuti ayambe wapeza pamene chitsulocho chadulidwa. Iye anapeza mzere wa timizere tatitali ndi tatifupi, wokhuthala kumapeto, wodutsa pa sitepe ya 30. Nsonga zake zonse ziwiri zinali ndi muvi komanso chilembo A.

"Muganize kuti mwadula nzimbe pamenepa. Mivi ikukuuzani kumene muyang'ane. Chidutswa cha kumbuyo kwa miviyo chichotseni."

Mivi inkaloza kumanja. Choncho sitepe ya 20 inachoka, ndipo patsogolo pake panatsala nkhope yodulidwa ya 30. Mizere yopendekeka ija, yomwe kawirikawiri imajambulidwa pa madigiri 45, imaikidwa pokhapo pamene sowo yadya chitsulo. Bwalo lalikulu lija ndi phewa la sitepe ya 40 limene likuonekera kumbuyo. Sowo sinalikhudze, n'chifukwa chake ndi loyera. Miviyo ikanaloza kumanzere, bwalo lalikululo silikanaoneka n'komwe, pakuti sitepe ya 20 ikanabisala kuseri kwa nkhope ya 30.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa: amayesa kuti poyera paliponse ndi bowo. Bowo lenileni likanakhala pakati pa mizereyo, ndipo pa chithunzi cha m'litali likanaoneka ngati mizere iwiri yodukaduka.

Pobenthuka paja ndi ngalande ya kiyi, kachitsulo kogwirizitsa pule ku shafiti kuti zizizungulira limodzi. Ngalande imeneyi ndiyo inachititsa wojambula kudula pamenepo, chifukwa ukaiyang'ana kuchokera pamwamba kuya kwake sikuoneka. Pepala linati mulifupi 8, kuya 4. Mtsikanayo anatenga shafiti yeniyeni mu wekishopu n'kupima ndi veniya kuchokera pansi pa ngalande kufika tsidya linalo. Anapeza 26, ndiye kuti 30 kuchotsapo 4.

Anafunsanso chifukwa chake sanaidule m'litali. Lamulo la kujambula limati shafiti yopanda bowo, mabawuti ndi makiyi saziika mizere zikadulidwa m'litali, popeza m'kati mwake mulibe chatsopano choti munthu aone. Ineyo ndimaona kuti lamulo limeneli liziphunzitsidwa shafiti ili m'manja mwa wophunzira, osati pa bolodi pokha.