Kusankha Kametedwe ka Ndevu ndi Tsitsi Poyang'ana Chithunzi

Kametedwe koyenera munthu kamadalira zinthu ziwiri: maonekedwe a nsagwada ndi kuthithikana kwa tsitsi. Chithunzi chimathandiza kuona zonsezi, koma chikajambulidwa molakwika chimanamiza. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, mphuno imakula ndipo m'mbali mwa nkhope mumachepa, moti nsagwada zimaoneka zopapatiza. Choncho wojambula aime patali mamita 1.5, foni ilingane ndi maso, ndipo ajambule kutsogolo ndi m'mbali monse muwiri. Tsitsi likhale louma ndipo kuwala kuchokere pawindo, chifukwa tsitsi lonyowa kapena babu lowala pamutu penipeni zimaonetsa khungu ngati dazi layamba.

Ndevu zimawonjezera nkhope pamene yaperewera. Wa nkhope yozungulira amafupikitsa za m'masaya n'kusiya za pachibwano zitalike, kuti nkhope ioneke yotalikirapo. Wa nkhope yaitali amasiya zambiri m'masaya n'kufupikitsa za pachibwano. Chithunzi cham'mbali ndicho chimaulula chibwano cholowa m'kati, chomwe ndevu zotalikirapo zimabisa. Malire a ndevu pakhosi amadulidwa zala ziwiri pamwamba pa kholingo. Akakwera mpaka pansagwada, mnofu wa kunsi kwa chibwano umakhala pambalambanda ndipo nkhope imaoneka yonenepa.

Komabe kuthithikana ndiko kumalamula. Ndevu zimakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, motero munthu azisiye masabata 4 mpaka 6 asanagamule. Ngati pofika nthawiyo khungu likuonekabe m'zigambazigamba m'masaya, ndevu zodzaza nkhope sizimuyenera.

Mwachitsanzo, bambo wa nkhope yozungulira, wa ndevu zapatalipatali m'masaya koma zothithikana pachibwano, yemwenso tsitsi layamba kuthawa m'ngodya za mphumi, wometa angamuthandize motere. M'masaya adutsitse makina okhala ndi chipeso nambala 1, chomwe chimasiya mamilimita 3, kuti mipata isaonekere. Pachibwano ndi pamlomo agwiritse nambala 4, ya mamilimita 13. Kumutu atsitse tsitsi mpaka nambala 1 kapena 2, pakuti tsitsi likafupika, malo opyapyala sasiyana kwambiri ndi odzaza.

Cholakwika chofala chili pamalire a tsitsi pamphumi. Pofuna mzere wowongoka, wometa amalowa m'kati mwa tsitsi kuti alinganize ndi ngodya zothothoka. Tsiku loyamba zimakongola, koma pakangopita masiku ochepa tsitsi lophukira limaoneka ngati mthunzi kutsogolo kwa mzerewo, ndipo mphumi imakulirakulira ulendo uliwonse wokameta. Wometa waluso amangoyeretsa timatsitsi totuluka kunja kwa malire achibadwa. Pa tsitsi lopotana, lezala yofika pakhungu imabweretsanso ziphuphu, chifukwa tsitsi lomera limapindikira n'kubaya khungu. Makina osiya tsitsi pang'ono amachepetsa vutoli.

Chithunzi chimodzi sichingatsimikize kuti tsitsi likutha. Zithunzi zojambulidwa pamalo amodzi, pa kuwala kofanana, tsitsi lili pamsinkhu umodzi, miyezi 3 iliyonse, ndizo zimaonetsa ngati malire akubwereradi m'mbuyo.