Nyemba za mumphika wadothi: nkhani yagona pa nkhuni

Mphika wadothi suli ngati sefuliya. Umachedwa kutentha, koma ukatentha suzizira msanga. Ngakhale muuphule, nyemba zimabwatabe. Ambiri ozolowera kuphika pa magetsi amapsereza ndiwo pamenepa.

Terekani mphika uli ndi madzi kale, moto uli wochepa, kenako muzisonkhezera pang'onopang'ono. Zikangowira, fumulani nkhuni, patsale chikuni chimodzi ndi makala. Ndiye tcherani khutu. Kubwata kwapansipansi ndiye kofunika, koma mukamva kuthetheka, dziwani kuti madzi aphwa, pansi payamba kupserera.

Madzi owonjezera akhale otentha; kachitini pambali pa mafuwa n'kokwanira. Ozizira atha kung'alula mphika, nyemba zonse n'kuthera m'phulusa, anthu akudikira nsima.

Phulani msuzi usanagwirane kwenikweni. Umalizika wokha mphika uli pansi.