Nkhuku zatha m'khola, nanga ndalama zili kuti?

Pali mayi wina amene amaweta nkhuku zoyera kuseri kwa nyumba yake. Anthu akumpanda kwawo amamusirira, chifukwa nkhuku zake sizigonera: zikangokwana masabata asanu ndi limodzi, galimoto ya paloji ina imafika, akabaza nawo n'kumadutsa ndi zina zitazondoka pachiwongolero. Koma mwezi womwe khola lidayera msanga kuposa kale lonse, mayiyu adapezeka ali pakhomo pa munthu wa katapila. Palibe adamubera ndipo chitopa sichidalowe. Atawerengera bwino m'kope lake, phindu lidalipo ndithu.

Tiyeni titsegule kope lakelo. Mitengoyi ndi yongoyerekeza kuti masamu asativute, poti ya kumsika imasintha tisanamalize n'komwe kuilemba.

Adagula anapiye 200. Akaphatikiza anapiyewo, chakudya cha masabata onse, katemera, makala ofunditsira, utuchi ndi malipiro a mnyamata womuthandiza, zonse zidakwana K1,600,000. Nkhuku khumi zidafera m'njira, zidatsala 190, ndipo iliyonse adaigulitsa K10,000. Malonda onse ndi K1,900,000. Tikachotsapo zomwe adalowetsa, patsala K300,000. Limeneli ndiye phindu: zomwe wagulitsa kuchotsapo zomwe zidakudyera kuti ugulitse. Masamu a phindu safunsa ngati wogulayo walipira kale kapena ayi.

Tsopano tione m'kachikwama. Mwa nkhuku 190 zija, 120 zidapita kuloji, komwe adasiya invoisi n'kuuzidwa kuti cheke chituluka pakatha masiku 30. Zimenezo ndi K1,200,000 zomwe zili papepala. Nkhuku 20 adatenga anzake a kumpingo ndi oyandikana nawo nyumba, ndi mawu aja tonse timawadziwa: “Amayi, tingolemba, tionana pakutha pa mwezi.” Zimenezo ndi K200,000. Amene adalipira pompopompo, kaya pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, adagula nkhuku 50 zokha. Ndiye kuti mayiyu, atatulutsa K1,600,000, m'manja mwake mwabwerera K500,000 basi. Papepala wapindula K300,000, koma thumba lake laperewera K1,100,000 poyerekeza ndi tsiku lomwe adayamba.

Kusiyana kwa phindu ndi ndalama zapamanja kwagona pa nthawi. Phindu limalembedwa tsiku logulitsa, pomwe ndalama zimawerengedwa tsiku lomwe zafika. Wogulitsa anapiye, wogulitsa chakudya cha nkhuku ndi mwini nyumba salandira invoisi ya kuloji ngati malipiro.

Khola lidatsukidwa n'kupuma masabata awiri, anapiye ena n'kuyenera kulowa. Masabata awiri oyambirira ankafuna K600,000. Pa K500,000 ija adali atatapapo kale K100,000 ya ufa, ndiwo ndi magetsi. Sindikumudzudzula, geni amaichitira zomwezo, kungoti sadalembe. Adatsala ndi K400,000, yotsalayo adakakongola kubanki m'khonde.

Tiwerenge masiku, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Ndalama yoyamba idatuluka tsiku lomwe anapiye adalowa. Nkhuku zidakhwima patsiku la 42. A kuloji akadasunga pangano, akadalipira patsiku la 72. Koma mayiyu atapita, adamuuza kuti bwana wosayina macheke wachokapo, abwerenso. Cheke chidatuluka patatha masabata ena awiri, tsiku la 86. Panthawiyo n'kuti nkhuku za ulendo wachiwiri zili ndi masiku 30, msinkhu womwe zimadya ngati dzombe. Nkhuku yoyera siidziwa zoti cheke chachedwa: ikasowa chakudya masiku angapo imapinimbira, ndipo wogula akainyamula amangoibweza pansi.

Ndiye chifukwa chake adakagogoda kwa wa katapila. Adatenga K500,000 kuti akabweze K750,000 pakatha mwezi. Chiwongoladzanja cha K250,000 chidameza pafupifupi phindu lonse la ulendo woyamba. Mwa anzake aja, asanu sadalipire, mpaka wina adasintha njira yopitira kuchigayo. Nayo K50,000 idapita. Phindu la K300,000 lidathera pomwepo, tisanawerengenso chiwongoladzanja cha kubanki m'khonde. Pachiyambi vuto lidali kuchedwa kwa ndalama chabe, koma pomaliza lidasanduka kuluza kwenikweni.

Chodabwitsa n'chakuti oda yaikulu ikadamugwetsa msanga. Tiyerekeze kuti a kuloji akondwa nazo nkhukuzo n'kunena kuti azibweretsa kawiri kuchuluka kwake. Aliyense angamuyamikire kuti mwayi wagwa. Koma anapiye 400 akufuna K3,200,000 ituluke kaye, ndipo yambiri mwa iyo idzabwerera patatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Bizinesi yogulitsa pangongole ikamakula, imafuna mpamba wochuluka wongodikirira. Ambiri amene amapereka katundu m'maofesi, m'masukulu ndi m'makampani amagwa chonchi, oda ili m'manja.

Kuno kwathu kudikira kuli ndi mtengo winanso. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu wambiri idalumpha m'masabata otsatira. Yense amene adakongoza katundu kusanachitike zimenezo adalandira ndalama yake yonse mwa nambala, koma atapita kukaoda adapeza kuti siyikugula zomwe inkagula.

Ziliponso zotembenuka, ndalama kukhalapo koma phindu kulibe. Mmisiri wa matabwa akalandira dipoziti ya mipando, thumba limatupa, komatu ndalamayo ndi ya matabwa ndi vanishi, sidakhale yake. Wagolosale amene akugulitsa sopo pamtengo wakale, kwinaku kooda adakweza, madzulo amawerenga ndalama zambiri pomwe mashelefu akunka nayera. Ameneyo akudya mpamba akuuyesa phindu.

Zizindikiro zimaoneka bizinesi isanagwe. Malonda akukwera koma mukuoda katundu wochepa kusiyana ndi mwezi watha. Tsamba la okongola m'kope likutalika kuposa la olipira. Mwayamba kukongola kuti mulipire zinthu za masiku onse monga lendi ndi antchito, osati kugula chida chatsopano. Choopsa kwambiri n'kutenga dipoziti ya kasitomala wa lero kumalizira ntchito ya kasitomala wa mwezi watha.

Kope la mayi uja lidali ndi tsamba limodzi, la phindu. Lidasowa lachiwiri, pomwe akadalemba sabata ndi sabata, kwa masabata khumi ndi awiri akutsogolo, ndalama zomwe zilowedi ndi zomwe zituluke, cheke cha kuloji n'kuchiika pa sabata yomwe amalipiradi, osati yomwe adalonjeza. Dzenje la sabata yachitatu ndi yachinayi akadaliona anapiye asadalowe. Akadatha kuika 120 m'malo mwa 200, kapena kupempha a kuloji kuti theka azipereka polandira nkhuku. Akadathanso kugulitsa zambiri kwa amayi a kumsika pa K9,500 ya pompopompo: kutsitsa K500 pa nkhuku 120 ndi K60,000, pomwe katapila adamudya K250,000.

Inu amene muli ndi kope la ngongole pansi pa kauntala, litulutseni madzulo ano. Phatikizani zonse zomwe anthu akusungirani, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe masiku omwe apita chitengereni katunduyo. Mukatero, lembani zomwe muyenera kulipira masiku 14 akubwerawa, muone ngati zomwe zili m'kabati ndi pafoni zikukwana.