Kodi Maola a Wodwala Amathera Pati?

Munthu akati wataya m'mawa wonse kuchipatala, ambiri timafulumira kuloza chala adokotala kuti ndi ozengereza. Koma mutatsatira wodwala mmodzi ndi wotchi m'manja, mungapeze kuti mphindi zimene wakhala pamaso pa wachipatala n'zochepa kwambiri, ndipo nthawi yochuluka yathera pa benchi. Pali njira yoonetsera zimenezi poyera, yomwe ndi kujambula mapu a ulendo wonse wa wodwala, kuyambira pachipata mpaka pawindo lolandirira mankhwala.

Njirayi idachokera kufakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan, kumene Taiichi Ohno ankaphunzitsa kuti chilichonse chosawonjezera phindu kwa wogula n'kutaya: kudikira, kuyendayenda, kubwereza ntchito, kuunjika katundu. Mu 2002 akuluakulu a chipatala cha Virginia Mason cha ku Seattle, ku America, adapita ku Japan kukaphunzira maganizowa n'kuyamba kuwagwiritsa ntchito posamalira odwala.

Mapuwa sajambulidwa muofesi. Namwino, kalaliki, wa kulabu ndi wopereka mankhwala amayenda limodzi njira imene wodwala amadutsa, atanyamula pensulo ndi pepala. Paliponse pamene wodwala amaima amajambulapo bokosi, n'kulembamo mphindi zimene ntchitoyo yatenga. Pakati pa mabokosi amalembapo mphindi zodikira ndi chiwerengero cha anthu omwe ali pamzere. Amalemba zimene aona ndi maso, ngakhale zitasiyana ndi zimene malamulo a chipatala amanena.

Tiyerekeze mayi wafika 7 koloko ndi mwana wotentha thupi, n'kutuluka 11 koloko. Zimenezo ndi mphindi 240. Kulembetsa m'buku lakuchipatala kwatenga mphindi 2, sikelo 2, kuonana ndi adokotala 5, kutenga magazi pachala 3, kudikira kuti kachipangizo koyezera malungo kaonetse zotsatira 15, kubwerera kwa adokotala 2, kulandira mankhwala 3. Zonse pamodzi ndi mphindi 32, ndipo zotsala 208 ndi za pa benchi. Ngakhale adokotala atafupikitsa mphindi zawo zisanu kukhala zitatu, mayiyo sangamve kusintha kwenikweni, ndipo mwanayo sangapimidwe mokwanira.

Chimene mapu amaulula pano ndi mzere wobwerera m'mbuyo. Mayiyo waima pakhomo la adokotala kawiri: koyamba kuti amutumize kulabu, kachiwiri kuti awerenge zotsatira. Ulendo wachiwiriwo amalimbirana khomo ndi anthu amene sanaonedwebe, ndipo mikangano ya "ine ndinabwera kale" imayambira pamenepa. Palibe wantchito amene amaona vutoli, chifukwa aliyense amaona tebulo lake lokha.

Gululo limajambula tsono mapu achiwiri, osonyeza m'mene ulendowo uyenera kukhalira. Ngati namwino wa pasikelo ataloledwa kuyeza malungo kwa aliyense wotentha thupi, mphindi 15 zija zimatha mayi ali pamzere womwe akanadikirapo kale, ndipo amalowa kwa adokotala kamodzi, zotsatira zili m'buku. Mzere wa kulabu umachepa, mzere wobwerera umatha. Amayesa kaye zimenezi kwa masiku ochepa, n'kuyezanso ndi wotchi yomweyo. Nthawi zina mzere suchoka, umangosamuka: anthu akayamba kutuluka msanga kwa adokotala, amakaunjikana pawindo la mankhwala. Chizindikiro chake n'chakuti benchi imodzi yapepuka koma nthawi yotulukira sinasinthe.

Pali masamu ena amene ndimaona kuti oyang'anira zipatala sayenera kuwathawa. Ngati odwala ndi 90 ndipo chipinda chimatsegulidwa maola 6, wodwala mmodzi ayenera kutuluka pa mphindi 4 zilizonse kuti mzere usakule. Ngati dokotala alipo mmodzi ndipo amafunika mphindi 5 pa munthu, mzerewo ukula basi, ngakhale mapu atajambulidwa mwaluso chotani. Apa chofunika ndi munthu wachiwiri, kapena kuwachotsera adokotala ntchito zolembalemba zimene kalaliki angachite. Kugwiritsa ntchito mapuwa pokalipira antchito otopa kale n'kulakwa, ndipo kumawononganso ntchito yonse, chifukwa anthu akadziwa kuti wotchi ikuwasaka amasintha kagwiridwe ka ntchito tsiku loyezalo, manambala n'kunama.

Kuyeza tsiku limodzi sikukwanira. Lolemba la nyengo yamvula, malungo atavuta, n'losiyana ndi Lachinayi la m'chilimwe. Komanso si mphindi zonse zodikira zimene zili zofanana: mwana amene akukomoka kapena kupuma movutikira sayenera kulowa pamzere n'komwe. Choncho bokosi loyamba pamapu atsopano likhale la munthu woyenda pakati pa mabenchi m'mawa, kusankha odwalitsitsa kuti aonedwe nthawi yomweyo.