Magazi Amathera Kuti?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mwana akakodza mkodzo wofiira, ena amangoti n'kukula. Sikukula ayi, ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timaboola khungu mwana akamasambira, ndipo mazira ake akamatuluka amacheka chikhodzodzo.

Njoka za m'mimba zolowera kumapazi zimaba mwakachetechete. Mwana akaponda dothi lonyowa lomwe wina anachitirapo chimbudzi, timphutsi timalowa pakhungu n'kukafika m'matumbo. Kumeneko zimaluma n'kumayamwa magazi usana ndi usiku, osaoneka ndi maso.

Thupi likanabweza magaziwo, koma limafuna ayironi. Nsima ya ufa woyera ndi masamba ochepa sizikwanira. Usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe n'zimene zimathandiza, makamaka mwana akadyanso gwafa. Tiyi wa pa chakudya amatsekereza ayironi.

Tsegulani chikope cham'munsi, yang'anani zikhatho. Zikayera, mwana akumatopa msanga, pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi, mkodzo, chimbudzi ndi malungo. Alibendazo amapha njoka, prazikwanteli likodzo, koma mwana akabwerera m'madzi omwewo, matenda amayambiranso.