Mtsikana wamanyazi ndi 8 amene anamusunga

Nkhani yaifupi ya mwana wamanyazi amene wapambana masewero a makadi koyamba pabanja imaoneka yosavuta kulemba, koma imakonda kugwera pamalo amodzi. Mlembi amangotiuza kuti mtsikanayo anali wodekha, kenako n'kumupatsa chipambano ngati mphatso. Ine ndikawerenga yotere mtima sukhutira. Ndimafuna kudekhako ndikuone m'makadi ali m'manja mwake.

Tiyerekeze ndi masewero otchedwa Crazy Eights. Makadi alipo 52, mitundu inayi. Pamphasa pakhala anthu anayi: bambo, mayi, mchimwene wake ndi iyeyo, chitsirizira amene masiku onse amangoonerera kumbuyo kwa amayi ake. Aliyense walandira makadi asanu, imodzi yatembenuzidwa pakati, 31 atsala pamulu. Umaponya khadi yofanana mtundu kapena nambala ndi yapakatiyo. Ukasowa, umatola pamulu. Koma 8 amagwa pa khadi iliyonse, ndipo womuponya amasankha mtundu wotsatira. Woyamba kutha makadi ndiye wapambana.

Mchimwene wake akuponya 8 wake koyambirira, mwaphokoso, akumenya pamphasa. Mtsikanayo nayenso ali ndi 8, koma atasowa choponya akutola pamulu mwakachetechete. Makadi ake akuchuluka. "Iwe, ukumanga mtolo wa nkhuni?" akumuseka mchimwene wakeyo. Iye wangozyolika.

Pamenepa ndi pamene manyazi amagwira ntchito m'nkhaniyi. Poti salankhula, akuona zimene olongololawo sakuona. Kawiri konse pakati pagwa khadi ya mtima, abambo ake atola pamulu osaponya kanthu. Ndiye kuti mitima alibe.

Kumapeto abambo atsala ndi khadi imodzi, ndipo amaponya iye akangoponya. Iye watsala ndi awiri: 8 uja ndi 3 wa mtima. Akuika 8 pansi. "Mtima, bambo," akutero, mawu osamveka bwino, mpaka amayi ake akuchita kubwereza. Abambo akuyang'ana khadi yawo, akupukusa mutu, akutola. Amayi aponya 10 wa mtima. Mpweya wa mwanayo waima, chifukwa mchimwene wake akakhala ndi 10 wa mtundu wina, zonse zasokonekera. Iye aponya 6 wa mtima. Dzanja likunjenjemera, mtsikanayo akugoneka 3 wake.

Kamphindi ka 10 wa amayi kaja mlembi asakachotse. M'makadi mwayi sutheratu, ndipo owerenga amene anasewerapo amadziwa kuti kusunga 8 kukhoza kukupweteka mnzako akakutsogolera kutha. Mwanayo akapambana popanda chiopsezo chimenecho, sitimukhulupirira.

Asamusandutsenso wolongolola tsiku limodzi. Manyazi sachoka ndi masewero amodzi. Ndi zokwanira kuti abambo ake asonkhanitse makadi, amupatse n'kunena kuti, "Gawa ndiwe, mwanangu," ndipo iye ayambe kugawa pang'onopang'ono, akuwerenga chamumtima, asanu asanu.