Kugulitsa buku pa intaneti: Mmene mungapewere kuberedwa

Wogulitsa tomato akagulitsa mulu umodzi, katundu amachepa pa benchi. Buku la pakompyuta silitero: fayilo imodzi ya PDF imatha kukopedwa maulendo osawerengeka popanda mwini wake kudziwa. Apa ndi pamene pagona phindu la malondawa, ndipo ndi pomweponso pamene ambiri amaluzira ndalama.

Tiyerekeze kuti mayi wina walemba buku la maphikidwe ndipo akuligulitsa pa K5 000 kudzera pa WhatsApp. Ogula akulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Msampha woyamba uli pa malipiro. Wogula amatumiza chithunzi chosonyeza kuti walipira, koma chithunzi chotere ndi chosavuta kuchikonza mwachinyengo, monganso uthenga wa pafoni wonamizira kampani. Mayiyo asatumize buku mpaka ataona yekha kuti ndalama mu akaunti yake zawonjezekera ndi K5 000, komanso kuti nambala ya malipiro ikufanana ndi imene wogula wapereka.

Msampha wachiwiri uli pa katumizidwe. Ambiri amaika buku pa Google Drive n'kusankha "Anyone with the link". Zikatero aliyense wolandira linkiyo amatsegula bukulo, kaya analipira kapena ayi. Wogula mmodzi akaiponya m'gulu la anthu 200, ndiye kuti buku limene onsewo akanalipira K1 miliyoni lapita pa K5 000 yokha.

Njira yabwinoko ndi kusankha "Restricted", kulemba imelo ya wogulayo ndi kumupatsa chilolezo cha "Viewer". Linkiyo ikapita kwa munthu wina, siitseguka, ndipo wogulitsa amalandira uthenga wopempha chilolezo. Pempho lochokera kwa munthu wosalipira ndi chizindikiro chakuti linki yayamba kuyenda.

Komabe wogula akatsitsa fayilo pafoni yake, loko wa Google Drive watha ntchito. N'chifukwa chake ogulitsa ochenjera amadinda dzina la wogula ndi nambala ya risiti pamasamba a kope lililonse. Malo ogulitsira monga Payhip ndi Gumroad amatha kudinda okha imelo ya wogula pa PDF, koma wogulitsa mabuku ochepa angalembe yekha asanatumize. Chidindo sichitseka buku, koma munthu amachita mantha kugawa kope lokhala ndi dzina lake, ndipo likapezeka m'gulu, gwero limadziwika.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene bungwe la Cosoma limayang'anira, limaletsa kukopa ndi kugawa buku la wina popanda chilolezo. Koma dandaulo limalimba ndi umboni. Choncho mayiyo asunge kaundula wa tsiku, dzina la wogula, nambala ya malipiro ndi kope limene anatumiza, komanso ajambule uthenga wa m'gulu mmene bukulo lapezeka usanafufutidwe.